Shelefu ya kuseri kwa kauntala

Nthawi inali itapitirira 1 koloko ya usiku, ndipo m'hositelo monse munali zii, kupatula chipinda cha kumapeto kwa khonde kumene nyali inali ikuyakabe. Mphatso anali atakhala pabedi, laputopu pamiyendo, mapepala ali mbwee pansi. Mayeso a kapangidwe ka kompyuta anali m'mawa wake.

"Aise, ine zandikanika," anatero akukanda mutu. "Memori ilipo kale, yaikulu bwinobwino. Nanga kashi ndi yachiyaninso? Kanthu ka makilobaiti 32 kangathandize chiyani pamene RAM ili ndi magigabaiti 8?"

Yamikani, amene ankawerenga chogona, anatseka kope lake n'kudzuka. Iyeyu ankagwira ganyu mulaibulale ya pakolejipo masana atatu pa sabata.

"Unayamba wabwerekapo buku la masamu lachikuto chofiira lija?"

"Kambirimbiri."

"Unadikira nthawi yaitali bwanji?"

"Sindinadikire. Amayi a pakauntala aja anangotembenuka n'kundipatsa."

"Eya. Malo ake enieni a buku limenelo ndi kuchipinda chapansi, kumene kuli mashelefu ataliatali. Kupita kumeneko n'kubwerako ndi mphindi zisanu, ndikudziwa chifukwa amatuma ine. Koma kuseri kwa kauntala kuli kashelefu kokwana mabuku makumi awiri okha. Buku likabwezedwa, amayi aja salibweza pansi msanga. Amaliika pakashelefuko, chifukwa akudziwa kuti buku limene lafunidwa lero lifunidwanso posachedwa."

Mphatso anakhala chete pang'ono, kenaka anatola pepala limodzi pansi. "Pano alemba kuti purosesa ikafuna chinthu imayamba yayang'ana mu kashi yoyamba, L1. Chikapezeka, yapeza. Chikasowa, yaphonya, ndiye imapita ku L2, kenaka L3, mapeto ake ku RAM."

"L1 ndi kashelefu kaja. L2 utenge ngati kabati ya m'kaofesi ka kuseri, yokulirapo koma uyenera kunyamuka pampando. RAM ndiye pansi paja."

"Koma kusiyana kwake n'kwakukulu choncho?"

"Werenga manambala akowo. L1 imayankha pafupifupi m'nanosekondi imodzi, RAM pafupifupi 100. Purosesa yothamanga pa 3 GHz imagunda katatu pa nanosekondi. Ndiye ikadikira RAM, yataya kugunda pafupifupi 300 itangopinda manja."

"Bwanji osangopanga RAM yonse kukhala yothamanga ngati L1?"

"Bwanji osaika laibulale yonse kuseri kwa kauntala?" Yamikani anaseka. "Shelefu ikakula, kumapeto kwake kumatalikira, mkono sufikako. Komanso memori ya kashi imadya malo: biti imodzi imafuna matiranzisita asanu ndi limodzi, pamene ya RAM imafuna imodzi ndi kakapasita."

Mphatso anagwedeza mutu pang'onopang'ono, koma nkhope inali isanamasuke. Anatembenuza laputopu kuti mnzake aone.

"Chabwino. Ndiye tandiuza ichi. Funso la chaka chatha likuti tifotokoze chifukwa chake pulogalamu iyi imachedwa. Ndaiyesa ndi N ya 10000, ikutenga masekondi 1.3."

```
for (j = 0; j < N; j++)
    for (i = 0; i < N; i++)
        s += a[i][j];
```

Yamikani anayang'ana kwa kanthawi. Nayenso sanadziwe yankho nthawi yomweyo. Anayamba kuyendayenda m'kachipindako, masitepe atatu kupita, atatu kubwera.

"Dikira. Pali chinthu china chimene amayi aja amachita. Munthu akafunsa voliyumu yachiwiri ya insaikulopediya, amandiuza kuti ndibweretse mzere wonse umene ndingathe kunyamula. Amati amene wafuna yachiwiri, posachedwa afuna yachitatu, ndiye ndisavutike kutsika kawiri."

"Mzere wa kashi!" Mphatso anafuula, kenaka anadzitseka pakamwa poopa kudzutsa a chipinda choyandikana. Anapitiriza monong'ona. "Mabaiti 64 nthawi imodzi. Nambala iliyonse pano ndi mabaiti 4, ndiye ulendo umodzi umabweretsa manambala 16 oyandikana."

"Tsono mu C tebulo limagona bwanji m'memori?"

"Mzere ndi mzere. `a[0][0]`, kenaka `a[0][1]`..." Anaima. Maso anali pa sikirini. "Koma pulogalamuyi ikutsika chotsika. Ikatenga `a[0][0]` ikulumphira ku `a[1][0]`, mabaiti 40000 kutsogolo. Ndiye kuti ndakutuma pansi, wabwera ndi mabuku 16, ine ndatsegula limodzi lokha n'kukutumanso kushelefu ina."

"Ndipo pamene uzidzafuna lachiwiri la mulu woyamba uja, ndidzakhala nditalichotsa kalekale kuti ena apeze malo."

Mphatso anasinthanitsa mizere iwiri yoyambayo, `i` kunja, `j` mkati. Anadina batani. Asanachotse n'chala chomwe, yankho linali litatuluka: masekondi 0.2. Anayesanso kachiwiri, ngati sakukhulupirira. Manambala owonkhetsa anali omwewo, 100 miliyoni, yankho lomwelo.

"Iwe," anatero motsitsa mawu, "sabata yonse ndakhala ndikuloweza zimenezi osaziona."

Anatenga cholembera n'kuyamba kuwerengera m'mphepete mwa pepala. Nthawi yapakati ndi nthawi yopeza, kuwonjezapo gawo la kuphonya kuchulukitsa ndi chilango chake, mananosekondi 100 aja odikira RAM. Kuphonya kasanu pa 100: 1 kuwonjezapo 5, mananosekondi 6. Kuphonya kamodzi pa 100: mananosekondi 2. Anazunguliza manambala awiriwo. Kupeza kwangokwera kuchoka pa 95 kufika pa 99, koma liwiro lachuluka katatu.

"Kashelefu kakadzaza amachotsa liti?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Limene lakhala nthawi yaitali osafunsidwa. Mabuku obwera kumene amawaika kudzanja lamanja, ndiye lakumapeto kumanzere ndi limene limatsika."

"LRU imeneyo." Analemba. Kenaka anasiya, n'kuloza mnzake ndi cholembera. "Koma fanizo lakoli lili ndi pobowoka, aise."

"Pati?"

"Buku likakhala kuseri kwa kauntala, pansi palibe. Koma kashi sichotsa kanthu mu RAM, imangokopera. Zili pawiri."

Yamikani anakhala pampando, naganiza. "Zoona. Ndiye tinene kuti pakashelefu pali fotokope, buku lenileni latsala pansi."

"Nanga wina akakonza cholakwika pafotokopepo? La pansi lija latsalira."

"Ndiye pali njira ziwiri. Kapena unditume pansi nthawi iliyonse imene walembapo kanthu, kapena umate kapepala pachikuto kosonyeza kuti ili lasinthidwa, ndipo tsiku lolichotsa pashelefu ndikakonze la pansi kamodzi kokha."

Mphatso anafufuza m'mapepala ake mpaka anapeza tsamba limene ankalidumpha masiku onse. Njira ziwirizo zinali pomwepo, pamodzi ndi biti imodzi yosonyeza mzere umene walembedwa. Kapepala ka pachikuto kaja.

"Nanga makauntala akakhala anayi, aliyense ndi fotokope yake ya buku lomwelo?" anafunsa Yamikani, tsopano tulo titamuthawa. "Laputopu yakoyo ili ndi makoo anayi, ngati mapurosesa anayi pamodzi, iliyonse ndi L1 yake."

"Wina akalemba pa yake, ayenera kuuza anzake atatu aja kuti ataye zawo." Mphatso anatsegula tsamba lotsatira n'kuona mutu wake. Anausa moyo, koma akumwetulira. "Ndi mutu 6 umenewo. Uli pa mayeso?"

"Aphunzitsi anati mpaka 6."

Mphatso anayang'ana foni. Inali 2:40. Anasuntha mapepala kuti mnzake apeze pokhala pabedipo.

"Bwera nalo kuno kope lakolo. Jambula makauntala anayi."