Mawu oyambira mavidiyo a zovala za kwa Nabanda, sabata yoyamba ya Juni

Tiyamike, awa ndi a mavidiyo amene tijambule Loweruka. Ukangodina foni ine ndiyambe kuyankhula pomwepo. Moni tizipereka pambuyo, munthu wa bandulo ya tsiku limodzi sadikira "muli bwanji".

Belo la majuzi ndi majekete. Tijambule panja m'mamawa, Phiri la Kasungu lizioneka kumbuyo kwanga.

"Imani kaye! Chisanu cha m'mawa uno mwachimva, kapena chalowa kwa ine ndekha?"

"Bambo a kabaza, tambala akamalira inu muli kale pa msewu. Jekete ili mphepo siilowa. K28,000."

"Mwana wanu wapita kusukulu manja ali m'khwapa. Kajuzi aka ndi K7,000 basi."

"Belo ili silinatsegulidwe. Mpeni nawu. Chimene chituluke tichionera limodzi."

Pa lomalizali uyandikize foni pa zingwe, phokoso la kuduka kwake limveke. Usandionetse nkhope, manja okha. Chikatuluka chong'ambika usazimitse, ndichikweza m'mwamba n'kunena kuti "ichi sindigulitsa". Anthu amakhulupirira wogulitsa amene amataya china.

Za ndalama za fodya. Awa ndimawadalira kwambiri mwezi uno, chifukwa mabelo a fodya akupita ku msika wa Chinkhoma ndipo m'matumba mwa anthu muli kanthu.

"Bambo, fodya wagulidwa. Amene ankasoka nanu fodya uja m'chigafa mwawagulira chiyani?"

"Mayi, nazale munathirira ndinu, kusoka munasoka ndinu. Diresi ili musachite kupempha, lozani."

"Ndalama ya fodya ili ndi miyendo. Isanathawe, suti iyi ilowe m'nyumba."

Loyambalo ndinene motsitsa mawu, ngati ndikuwanong'oneza, diresi lobiriwira lija lili pa mkono. Ndikakalipa azibambo adutsa. Ndikawachititsa manyazi pang'ono, aimba okha madzulo.

Za zinkhoswe ndi maukwati.

"Chinkhoswe chili Loweruka, ndiye mukabwerekenso diresi kwa alamu anu?"

"Diresi lanu lija lafika pa maukwati atatu. Wojambula zithunzi akulidziwa dzina."

"Pa perekaniperekani anthu amayang'ana awiri: mkwatibwi, ndi amene wavala ichi."

"Apongozi akubwera Lamlungu. Chitenje chimene muwalandirire nacho ndi chomwe chija cha kudimba?"

La wojambula zithunzi uvale ndiwe, ine ndigwire foni. Uzungulire kamodzi kokha, osavina. Tikavina anthu amaonera gule, mtengo osaumva.

Kwa amayi a thupi ndili ndi limodzi lokha, ndipo likukwana:

"Mwatopa kumva kuti 'saizi yanu yatha'? Kuno ndiye yayambira."

Tsopano za mantha otumiza ndalama. Vidiyo iyi ndiyankhule nditakhala pansi, osaseka.

"Munatumizapo ndalama pa foni, katundu osafika? Inenso. K40,000 yanga inapita choncho, nambala n'kuzima."

Ndikatero ndipitirize kuti: "N'chifukwa chake muno m'tauni ya Kasungu wa kabaza amakubweretserani, muyese, mulipire chakukwanani. A ku Mtunthama, Santhe, Chamama ndi Nkhamenya, ndimakujambulirani phukusi lanu likukwera minibasi, ndi nambala ya galimotoyo. Airtel Money kapena Mpamba, zonse zimalowa."

Lina la gulu lomweli, ndikukoka msoko wa buluku ndi manja awiri:

"Onani ndikukoka. Likang'ambika pano, vidiyo ino ndiisiya momwemo."

Ndi lina, malaya oyera aja ndawatulutsa padzuwa:

"Pa chithunzi china, pofika china? Awa ndi omwewa, dzuwa ndi ili, banga palibe."

Timawu tating'ono ta pa Status, tosafuna kukonzekera, ungojambula chovala chili pa hang'ala:

"Chatsala chimodzi. Mukachiona pa mnzanu ku tchalitchi musandidandaule."

"Mtengo ndinena kumapeto. Yambani mwaganiza, mulembe m'munsimu."

"Achimwene, buluku limene mwavalalo lagwira ntchito yake. Lipumitseni."

"Musapitirire, asisi. Nsapato iyi ikukudziwani."

La "chatsala chimodzi" tizinena chikatsaladi chimodzi. Kasungu ndi yaing'ono, wina adzaona zitatu zili pa chingwe kuseri kwa nyumba n'kutiyalutsa pa gulu la WhatsApp.

Ubwere ndi foni yodzaza moto, magetsi sitingawadalire. Galasi la kamera ulipukute ndi nsalu youma, mavidiyo a sabata yatha anaoneka ngati tajambulira mu utsi. Ndikudikira 6 koloko, dzuwa lisanakwere.