Chidule cha lipoti: chifukwa chimene katundu akuchedwera kufika kwa makasitomala

Kwa: Mkulu wa kampani
Kuchokera ku: Gulu lofufuza za katumizidwe ka katundu

Bwana, tikupempha kuti musavomereze panopa zogula malole awiri atsopano. Katundu akuchedwa chifukwa maoda amagona pa tebulo kudikira kusayinidwa, osati chifukwa malole achepa. Tikufunika yankho lanu pofika Lachisanu, chifukwa pempho la malolewo likambidwa pa msonkhano wa bodi Lolemba.

Zimene tapeza

Tinaona maoda onse 1,200 a miyezi itatu yapitayi. Makasitomala timawalonjeza kuti katundu afika pasanathe masiku awiri, koma maoda 300 anapitirira masikuwo, kutanthauza oda imodzi pa anayi alionse.

Pa maoda 300 amenewa, 180 anachedwa podikira chilolezo cha mkulu wa zachuma. Iye yekha ndi amene amasayina, ndipo amachita zimenezi cha m'ma 3 koloko masana, pomwe malole amakhala atanyamuka kale 10 koloko m'mawa. Choncho oda iliyonse yofuna chilolezo imataya tsiku limodzi isanakhudzidwe n'komwe. Akachokapo masiku awiri, mapepala amangounjikana, ndipo akabwera amayamba ndi apamwamba, ofika kale n'kutsalira pansi. Vuto si munthuyo ayi, ndi lamulo lakale loti oda iliyonse yapangongole idutse m'manja mwake. Titafufuza tinapeza kuti maoda 140 mwa 180 anali a makasitomala opanda ngongole yopitirira masiku 30, amene sanadumphe malire a ngongole omwe tinawapatsa. Onsewo anavomerezedwa popanda funso lililonse.

Maoda 75 anachedwa chifukwa kompyuta imasonyeza kuti katundu alipo pomwe pashelefu palibe. Katundu wosweka kapena woonongeka amachotsedwa pashelefu koma sachotsedwa m'kaundula, ndipo kuwerenga katundu kumachitika kamodzi pa miyezi itatu. Zolakwika 60 mwa 75 zinali pa mitundu 40 yokha ya katundu woyenda malonda kwambiri.

Kusowa kwa lole kunachedwetsa maoda 30 okha, pafupifupi onse m'masiku atatu omaliza a mwezi. Masiku ena malole athu 6 amanyamuka osadzaza. Maoda 15 otsalawo anali a adiresi yolakwika kapena kasitomala amene sanapezeke.

Zimene tikupempha kuti muvomereze

1. Woyang'anira nyumba yosungiramo katundu aziloledwa kuvomereza maoda a makasitomala opanda ngongole yopitirira masiku 30 omwe ali mkati mwa malire awo. Maoda ena onse azipitabe kwa mkulu wa zachuma, koma azisayinidwa isanakwane 9 koloko m'mawa, ndipo wachiwiri wake azisayina iye akachokapo.

2. Mitundu 40 ija iziwerengedwa sabata iliyonse, ndipo katundu woonongeka azichotsedwa m'kompyuta tsiku lomwelo. Anthu awiri atha kumaliza ntchitoyi m'maola atatu, sipafunika kulemba wina.

3. Nkhani ya malole iyambe yaima kwa miyezi itatu. Kumapeto kwa mwezi tizitenga lole imodzi ya hayala.

Mfundo ziwiri zoyambazo zikagwira bwino ntchito, maoda ochedwa atha kutsika kuchoka pa 300 kufika pa 100, kapena kuti imodzi pa 12. Chiwerengerochi tachipeza pochotsa 140 ndi 60 pa 300, ndiye muchitenge ngati malire a zimene tingapindule, pakuti sabata zoyamba anthu adzakhala akuzolowera.

Chimene chingalakwike

Katundu atha kutuluka kupita kwa kasitomala amene ngongole yake yangopitirira kumene, ngati a zachuma achedwa kulowetsa zatsopano m'kompyuta. Pofuna kutseka mpata umenewu, iwo azitumiza mndandanda wa oletsedwa m'mawa uliwonse, ndipo madzulo aziona maoda onse amene avomerezedwa tsikulo. Mkulu wa zachuma wagwirizana nazo. Woyang'anira zamayendedwe akuonabe kuti lole imodzi ikufunika, makamaka malonda akakwera. Maganizo ake tidzawaonanso pakatha miyezi itatuyo, tili ndi ziwerengero zatsopano.

Chidule chimene munalandira sabata yatha chinali cha masamba anayi, ndipo pempho lathu linali pa tsamba lomaliza. Ziwerengero sizinasinthe. Mmene tinafufuzira mudzapeza pa tsamba 3 la lipoti lathunthu, matebulo a sabata ndi sabata pa masamba 7 mpaka 11, ndipo mitengo ya malole poyerekeza ndi hayala ili pa tsamba 14.