Gogoda wa Tadala

Nsapatozo Tadala anaziyesa ali chikhalire pa mpando wa mu shopu, cha mmawa, mapazi asanatupe nkomwe. Zinali za gogoda, zakuda, zosongoka kutsogolo, ndipo atanena kuti zikuthina pang'ono kuchidendene wogulitsayo anangoti aaa zimenezo zimamasuka zokha mukaziyendera masiku awiri. Iye anavomera chifukwa anali atazikonda kale. Ntchito anaisaka nthawi yaitali, makalata kutumiza uku ndi uku osayankhidwa, ndiye poti tsopano yapezeka amafuna Lolembalo akaoneke bwino, anthu asakamuone ngati wangosochera mu ofesimo.

Kuchoka pomwe anatsika basi kukafika pa geti sipanali patali, koma pomwe amalemba dzina mu buku la alonda chidendene cha kumanzere chinali chitayamba kale kutentha. Anadziuza kuti palibe kanthu, ntchito ya mu ofesi ndi yokhala pansi.

Sizinatero. Mayi Phiri, amene amayang'anira za antchito, anamulandira ndi nsangala nkumuuza kuti tiyeni ndikuzungulitseni kaye mudziwe anzanu, koma pepani chikepe chathu chinaonongeka sabata yatha ndiye tikwera masitepe. Mayiwo anavala nsapato zafulati ndipo amayenda mwachangu uku akulankhula, apa ndi pa akaunti, uku ndi kosungira mafayilo, awa ndi akuti awa ndi akuti, Tadala akungopereka moni nkumagwedeza mutu koma maina onse amalowera khutu ili nkutulukira linali chifukwa mutu wake wonse unali kuphazi. Akaima amatsamira mwendo wakumanja, wakumanjawo ukatopa nkubwerera kumanzere komwe kunali moto. Amayesetsa kumwetulira koma nkhope imakana, imangochita tsinya yokha.

"Muli bwinobwino koma?" anafunsa Mayi Phiri ali pa masitepe achitatu.

"Ndili bwino mayi, zikomo."

Akanangonena pomwepo. Koma tsiku loyamba munthu umaopa chilichonse, umaona ngati ukadandaula kanthu kakang'ono akuyesa wamanyado kapena waulesi, ndiye anangomeza.

Atamusiya pa desiki yake anavula nsapato zija mwakachetechete pansi pa tebulo, mpaka anatsinzina ndi kukoma kwake. Thuza linali litatukuka kale kuchidendene, lalikulu lodzadza madzi, kachala kakang'ono nako katafiira. Mnyamata wa makompyuta anabwera kudzamupatsa pasiwedi nkumuonetsa posunga zikalata, apo pokha ndi pomwe anamvako zinthu. Vuto ndi loti phazi ukalimasula limafufuma. Foni ya pa desiki italira kuti abwana akumufuna, nsapato ya kumanzere inakana kulowa. Anakankha, anapotokola, anaimirira nkuponda ndi mphamvu, ndipo thuza lija linaphulikira momwemo. Anadziluma mlomo kuti asakuwe. Pofika ku ofesi ya abwanawo, a Mbewe, anali atachedwa ndithu ndipo iwo anayang'ana kaye wotchi asanamuyang'ane iyeyo.

"Masana ano 2 koloko tili ndi mitingi ndi alendo. Lipoti ili mupange fotokope makope 12, komanso mudzalemba maminitsi ndinu. Mutha eti?"

"Nditha bwana."

Anathamangira ku toileti, kuthamanga kwake kotsimphina, nkupinda tishu kuika kuchidendene. Tishuyo sinachedwe kunyowa nkufumbutuka, kenaka inayamba kumatirira pa chilonda.

Nthawi ya lanchi atsikana awiri a pa desiki yoyandikana anamuitana kuti tiye tikaongole miyendo panja tidziwane. Mtima unkafuna kwambiri, koma atangoganiza za masitepe aja anati ayi pitani ine ndikhala. Ananena mwachidule kwambiri, mwina ndi ululuwo, moti akutuluka anamva mmodzi akunong'ona kuti iii koma watsopanoyu ndi odzimva bwanji. Zimenezo zinamupweteka kuposa phazi, chifukwa Tadala ndi munthu wocheza, woseka ndi aliyense, koma palibe amene akanadziwa zimenezo tsiku limenelo.

Makina a fotokope anali pansi penipeni. Kutsika ndi gogoda wothina nkowawa kuposa kukwera, phazi limaterereka kupita kutsogolo zala zonse nkupanikizana kosongoka kuja, ndiye amatsika chammbali atagwira chitsulo. Makina nawo anatafuna pepala, anaimirira pamenepo mpaka wina anadzamuthandiza kutsegula. Pobwerera atanyamula mulu wonse manja awiri analibe pogwira, chidendene cha nsapato chinakola pa sitepe, anagwada ndi bondo mapepala onse mbwee mpaka pansi. Anatola msangamsanga misozi ili lengelenge, nthawi itakwana kale, nkuwasanja mmene akanathera.

Mu mitingi mlendo wina anakweza dzanja kuti pepani, langa likuchoka pa tsamba 4 kupita pa 7. Wina anati lake lili ndi tsamba 5 kawiri. A Mbewe sanalankhule kanthu, anangopereka lawo kwa mlendoyo nkupitiriza. Tadala anaweramira mu kope lake akulemba, koma chilonda chimagunda ngati ng'oma ndipo manambala amene amatchulidwa ena amamudutsa, ena analemba awiri pa chinthu chimodzi osadziwa lolondola ndi liti. Kufunsa kuti abwereze amaopa, anali atalakwitsa kale zokwanira.

Alendo atapita abwana anawerenga zomwe analembazo ali chiimire.

"Chemwali, pa intavyu paja munali munthu wochangamuka. Lero sindikudziwa kuti chachitika ndi chani. Ntchitoyi mukuifuna ndithu?"

"Ndikuifuna bwana, pepani."

"Izi sindingatumize kwa anthu. Mufunse anzanu manambala enieni mulembenso."

Anzake ake ndi omwe aja anawakana pa lanchi.

Anthu ataweruka iye anatsalira dala kuti asamuone mayendedwe. Anakhala pa mpando atavula zonse ziwiri, kumbuyo kwa nsapato ya kumanzere kuli magazi, ndipo apa ndiye analira zenizeni. Mayi wina wachikulire wokolopa analowa ndi ndowa yake, anayang'ana nkhope kenaka mapazi.

"Mayo mwana iwe! Tsiku lonse wakhala chonchi? Bwanji osanena? Bokosi la mankhwala lili pa risepushoni pomwepo, mapulasitala ali mbwee."

"Ndimachita manyazi amayi."

"Manyazi ndi phazi lako lomwe? Dikira."

Anabwera ndi madzi oyera ndi pulasitala, anamutsuka chilondacho, namuuza kuti khungu latsalalo asalisende, ndi lomwe likutchinga. Kenaka anatulutsa mapatapata ake osinthira mu chikwama, aakulu kuposa phazi la Tadala, nati ubweze mawa, ndipo gogodayo usamuvalenso mpaka pauma.

Ndiye anatsika masitepe aja ali mu siketi yake yosita bwino ndi mapatapata obiriwira, nsapato zili mmanja, akupemphera kuti asakumane ndi munthu. Pa geti anapeza a Mbewe akudikira kuti alonda awatsegulire. Anatsitsa galasi la galimoto, anayang'ana mapatapata, anayang'ana pulasitala, kenaka nsapato zija.

"Vuto linali limeneli?"

"Eya bwana."

"Ndiye simunanene bwanji mmawa muja?"

Tadala anasowa choyankha. A Mbewe anapukusa mutu.

"Mawa muvale zoti mutha kuyendera. Maminitsi aja ndiwapeze pa tebulo langa 9 koloko isanakwane."