Yankho lodzitumiza lokha: Sindili mu ofesi kuyambira pa 13 mpaka pa 24 Okutobala 2025

Olemekezeka Bambo kapena Mayi,

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Kalatayo yafika bwino, koma sindinaiwerenge, pakuti yankho linoli limapita lokha kwa aliyense wondilembera pa nthawi imene ndachokapo. Sindipezeka mu ofesi yathu ya ku Lusaka kuyambira Lolemba pa 13 Okutobala mpaka Lachisanu pa 24 Okutobala 2025, ndipo ndidzayambanso ntchito Lolemba pa 27 Okutobala nthawi ya 08:00 m'mawa.

Ndili pa ulendo wa ntchito ku chigawo cha Kum'mawa, kumene ndikuwerenga matumba a mbewu ndi feteleza m'madepoti athu ndi kukumana ndi ogulitsa zipangizo za ulimi mvula isanagwe. Ndidzakhala ku Petauke pa 14 ndi 15, ku Sinda ndi ku Katete pa 16 ndi 17, ku Chipata kuyambira pa 18 mpaka pa 21, ndiponso ku Lundazi pa 22 ndi 23, kenako ndidzauyamba ulendo wobwerera. Ndatchula malowa dala kuti ogulitsa a kumeneko amene ali ndi nkhani yofunika kukambirana pamaso andipeze pa depoti ya kwawo m'malo mowononga ndalama ya basi kubwera ku Lusaka. Kwa ena nonse, chonde musadalire foni yanga ya m'manja. Pa msewu wa Great East netiweki imaduka kawirikawiri, makamaka m'mapiri a pakati pa Rufunsa, mlatho wa Luangwa ndi Nyimba, ndipo masana ambiri ndimakhala m'nyumba zosungira katundu momwe sindingathe kuyankha bwino nkhani ya ndalama. Ndikuyembekeza kuona makalata madzulo a pa 20 ndi 21 ndili ku Chipata, koma ndidzangoyankha okhawo amene anzanga a mu ofesi andisankhira.

Ngati nkhani yanu singadikire mpaka pa 27, lankhulani ndi mayi amene ndi wachiwiri wanga mu dipatimenti yogula ndi kutumiza katundu, amene ndawasiyira ntchito zonse za pa tebulo langa. Imbani nambala ya ofesi imene ili pamwamba pa makalata ndi mainivoisi athu, ndipo wolandira foni akayankha mupemphe nambala ya mkati 12. Mukafuna kuwalembera, tumizaninso kalata yanu ku adilesi yomwe ino, koma pa mutu wake muyambe ndi liwu loti MWACHANGU m'zilembo zazikulu, chifukwa makalata okhala ndi liwu limeneli ndi okhawo amene akupita kwa iwo. Mayiwa amapezeka kuyambira 08:00 mpaka 17:00 Lolemba mpaka Lachisanu, kupatula nthawi ya nkhomaliro ya 13:00 mpaka 14:00, ndipo amayankha tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Ndi bwino kuti mudziwiretu malire a udindo wawo kuti musataye nthawi. Iwo ali ndi mphamvu yopereka mitengo, kulandira maoda, kusaina mapepala otulutsira katundu ndi kuvomereza ngongole yosapitirira K150,000 kwa makasitomala amene ali kale m'mabuku athu ndipo alibe ngongole yotsalira ya chaka chatha. Sangasinthe mitengo imene tinagwirizana kale m'makontirakiti, sangatsegule akaunti ya ngongole kwa kasitomala watsopano, ndiponso sangasaine mgwirizano watsopano ndi otigulitsa katundu. Nkhani zoterezi zidikire ine, ndipo ndikupempha kuti musawaumirize, chifukwa lamulo limeneli ndi la kampani, si lawo. Ngati pali tenda imene tsiku lake lotsekera likugwera mkati mwa masabata awiriwa, auzeni msanga ndi kutchula tsiku ndi ola lotsekera, kuti aipereke kwa mkulu wa kampani amene angasaine m'malo mwanga.

Nkhani za malipiro, malisiti ndi misonkho zipite ku ofesi ya zachuma pa nambala ya mkati 15. Amene mukutumiza mainivoisi, onetsetsani kuti palembedwa TPIN yanu ndi nambala ya oda yathu, chifukwa inivoisi yopanda ziwirizi imabwezedwa ndipo malipiro ake amachedwa ndi sabata yathunthu. Malipiro a otigulitsa katundu adzatuluka Lachinayi pa 16 ndi Lachinayi pa 23 monga mwa nthawi zonse. Kuchokapo kwanga sikukusintha kanthu pamenepa.

Kwa madalaivala ndi eni magalimoto onyamula katundu, nkhani yanu ili m'manja mwa bambo woyang'anira nyumba yathu yosungira katundu ya mu msewu wa Lumumba, pa nambala ya mkati 21. Galimoto iliyonse yobweretsa feteleza, kaya yalowera pa chipata cha Nakonde, Chirundu kapena Chanida, idziwitse bambowa kutatsala tsiku limodzi kuti ifike, kuti akonze anyamata otsitsa matumba. Timasiya kutsitsa nthawi ya 16:00, popeza thumba lililonse la makilogalamu 50 limayenera kuwerengedwa ndi kuonedwa ngati silinang'ambike kapena kunyowa kunja kukadali kowala. Galimoto yofika mochedwa idzagona pabwalo mpaka m'mawa. Amene munalipira kale D Compound, Urea kapena mbewu ya chimanga mukhoza kudzatenga katundu wanu popanda kundidikira, bola mubwere ndi lisiti lenileni ndi chitupa cha munthu amene dzina lake lili pa oda. Mukatuma wina, mumpatse kalata yosainidwa ndi inuyo.

Chonde kumbukiraninso kuti mkati mwa nthawiyi muli masiku awiri a tchuthi cha boma. Loweruka pa 18 Okutobala ndi tsiku la mapemphero a dziko lonse, choncho nyumba yosungira katundu, imene Loweruka lililonse imatsegula mpaka 12:30, idzakhala yotseka. Lachisanu pa 24 Okutobala ndi tsiku lokumbukira ufulu wodzilamulira umene Zambia inalandira mu 1964, ndipo ofesi yonse idzakhala yotseka. Amene mukufuna katundu wa kumapeto kwa sabata imeneyo mutumize oda yanu pofika Lachitatu pa 22 masana, kuti apakiridwe Lachinayi.

Pali chenjezo limodzi limene ndikupempha kuti mulisamale kwambiri. Nyengo ino yogula zipangizo za ulimi ndi imene anthu achinyengo amachuluka, ndipo yankho ngati lino limawauza kuti ndachokapo. Akaunti yathu ya ku banki sinasinthe ndipo sisintha pa nthawi imene ine kulibe. Sindidzakutumizirani uthenga wa pa foni wopempha kuti mulipire ku nambala ya munthu, ngakhale uthengawo utanena kuti ndavutika pa ulendo kapena kuti galimoto yafa pa msewu. Mukalandira uthenga wotero m'dzina langa, musatumize ngakhale ngwee imodzi. Imbirani ofesi ya zachuma kuti akutsimikizireni.

Makalata ena onse asungidwa, ndipo palibe chifukwa chowatumizanso. Ndidzayamba kuwayankha pa 27 Okutobala motsata tsiku limene anafika, ndipo ndikuyembekeza kumaliza pofika Lachinayi pa 30. Ngati tsikulo litadutsa musanamve kuchokera kwa ine, mundiimbire pa nambala ya mkati 10. Misonkhano imene inayenera kuchitika m'masabata awiriwa yasunthidwira sabata yoyamba ya Novembala, ndipo wachiwiri wanga adzakulemberani kuti mugwirizane tsiku ndi nthawi.

Pepani chifukwa cha kuchedwa kumene ulendowu ungabweretse pa ntchito yanu.

Ine wanu pa ntchito,

Woyang'anira zogula ndi kutumiza katundu
Ofesi ya ku Lusaka