Mawu a Mperekezi wa Mkwati pa Ukwati wa Dalitso ndi Chikondi ku Chipata

Zikomo atcheyamani pondipatsa mpata. Ndapatsidwa mphindi zisanu, ndipo amayi ophika andinong'oneza kuti nsima ili kale m'mbale, choncho sinditalikitsa.

Abusa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, makolo athu a kwa Tembo ochokera ku Mtenguleni, apongozi athu a kwa Banda amene mwalawirira kuchokera ku Katete, ndi inu nonse mwadzaza holo ino, ndakupatsani ulemu. Ambuya athu ochokera ku Kasama, lero chimbuya tachiika pambali mpaka mudye mukhute. Mwayenda ulendo wautali, mpando wabwino ndi wanu.

Mkwati uyu ndi msuweni wanga, mwana wa amalume. Mwambo umandilola kumuseka, koma alamu anga ali pambali pakepo, ndiye ndimuseka mwaulemu.

Amene mumadutsa ku Kapata mumamudziwa Dalitso ndi ntchito yake yokonza njinga. Chubu chikabooka, iye sataya nthawi. Amatsegula tayala ndi tizitsulo tiwiri, natulutsa chubu, kuchipopa pang'ono ndi kuchimiza m'beseni la madzi. Pamene patuluke thovu ndi pomwepo. Amapukuta, kupala pamalopo kuti pakhakhale, kupaka guluu, kenako kudikira kuti guluuyo achite ngati wauma asanaike chigamba. Anyamata ophunzira ntchito amawauza tsiku ndi tsiku kuti ukamata guluu ali wamadzimadzi, chigamba chidzamatuka munthu asanafike n'komwe ku Mchini. Asanabwezeretse chubu amayendetsa chala m'kati mwa tayala kufunafuna munga, chifukwa ukausiya momwemo ubayanso. Ntchito yonseyi kwa iye ndi mphindi 15.

Tsono tsiku lina kunabwera mphunzitsi wina ndi njinga yake yobooka chubu chakumbuyo. Anyamata a pamalopo ndi mboni, ndipo ali muno: ntchito ya mphindi 15 ija inatenga maola awiri. Atamaliza kumata anapeza kuti sipoko imodzi yakhwefuka. Atamanga sipoko anati tcheni chikufuna mafuta. Atathira mafuta anati mabuleki tiwaonenso Lachisanu. Abale anga, m'Chipata monse munalibe njinga ina yosamalidwa ngati imeneyo. Belu lokha analikonza katatu, belu lolira bwinobwino.

Alamu nawonso ndiwayamikire, pakuti mphunzitsi amamudziwa mwana amene akufuna kufunsa funso koma akuchita manyazi kukweza dzanja. Sanamufulumize. Lachisanu lililonse ankabweretsa njinga ija, mpaka tsiku limene msuweni wanga anaika sipanala pansi, nasamba m'manja, n'kulankhula zimene zinali mumtima.

Kuyambira pamenepo zonse anaziyendetsa m'njira yake. Anauza amalume ake, ankhoswe anapita ku Katete, ndipo makolo anakhala pansi n'kumvana. A kwa Banda, munatilandira ndi thobwa ndi nkhuku, ndipo mawu amene munanena tsiku lija tinawasunga. Mwatipatsa mwana woleredwa bwino. Ana a giredi 4 amene amawaphunzitsa amamuthamangira akamuona pamsewu, ndipo ana sanamizira kukonda munthu.

Amalume ndi azakhali, inunso zikomo. Kuleza mtima kumene tikukuona mwa Dalitso kunachokera pakhomo panu.

Alamu, ndikuuzeni za munthu mwatengayu. Sataya chinthu. Mudzapeza mabawuti m'chitini cha shuga ndi zidutswa za chubu pansi pa bedi. Musadabwe, mungomupatsa bokosi lakelake ndi ngodya imodzi ya khonde. Koma dziwaninso kuti mpando ukathyoka mwendo m'nyumba mwanu sudzagona panja, ndipo mukadzasemphana mawu iye si munthu wotuluka n'kumenyetsa chitseko. Adzakhala pansi kufunafuna pamene pali munga.

Iwe Dalitso, msuweni wanga, mawu anga kwa iwe ndi ochepa. Mafuta a tcheni azithera pa beseni la panja usanakhudze makatani a alamu. Ndipo nkhani ya kupita ku Nc'wala mu Febuluwale kapena ku Kulamba mu Ogasiti isakuvuteni: muzipita konse kuwiri, keliyala ya njinga ija ndi yolimba, unaimanga wekha.

Tsopano yang'anani makapu anu. Amene mulibe kanthu kwezani dzanja, atsikana akudutsa ndi thobwa ndi zoziziritsa kukhosi. Agogo ndi makolo khalani pomwepo, ife ana ndife tiimirire. Amayi a nthungululu konzekani.

Dalitso ndi Chikondi, Mulungu akupatseni nyumba ya mtendere, nkhokwe yodzaza, ndi alendo ochuluka pakhonde panu. Kwezani makapu, timwere Bambo ndi Mayi Tembo!