Kuseri kwa Kalendala

Namwino anakhuthulira mapiritsi pambale yachitsulo n'kuyamba kuwawerenga ndi chala, awiriawiri. Amayi Banda anayang'ana kumbali. Mtsikanayu anamuphunzitsa okha Giredi 2, akali wosadziwa ngakhale kugwira pensulo.

"AMadamu, atsala 11. Anayenera kutha dzulo."

"Ndimamwa, mwanawe."

"Mumamwa masiku ena. Onani makina a BP: 168 pa 100. Mukanakhala inu, mwana wobwera ndi homuweki yotere mukanamutani?"

Sanayankhe. Anapuma pa ntchito mu Disembala 2022 atakwanitsa zaka 60, ndipo apa unali mwezi wa Epulo. Kuyambira ali mtsikana, belu la sukulu ndilo linkawauza nthawi yodzuka, yodya, ngakhale yopita kukadzithandiza. Tsopano m'nyumba yawo ya ku Kapata, m'tauni ya Chipata, munalibe belu. Bambo anamwalira kalekale, ana ali ku Lusaka ndi ku Ndola. Ankadzuka 5 koloko monga kale, koma poona kuti palibe kopita ankagonanso mpaka 9. Nsima ya masana inkapsa 16 awazi, ya madzulo osaphikanso, tiyi basi. Sabata ina anavala bwinobwino kupita kutchalitchi, n'kupeza ana ali m'mayunifomu pamsewu: linali Lolemba.

Atafika kunyumba anachotsa kalendala yakale pakhoma, naitembenuza, natenga rula. Ntchito yolemba taimutebo ankaidziwa kuposa wina aliyense. Anadula tsiku lonse m'mapiriyodi a mphindi 40, kuyambira 05:00 mpaka 21:00, bokosi lililonse ndi ntchito yake: kusesa, kuchapa, kuwerenga Baibulo, kusoka, kupuma. Inaoneka bwino kwambiri, mizere yofiira ndi yabuluu.

Inakhala masiku atatu. Lachiwiri madzi sanatuluke pampopi nthawi ya kuchapa, ndipo bokosi limodzi litasokonekera onse otsatira anagwa. Lachitatu kunabwera aNaphiri a kumpingo, nakhala maola awiri. Mlendo sungamuuze kuti piriyodi yake yatha. Lachinayi malaiti anapita mmawa, nyemba zili pachitofu, ndipo poyatsa mbaula nthawi ya kusoka inali itadutsa. Pofika 11 koloko tsikulo linali litalephereka kale, ndiye anangokhala pakhonde n'kumayang'ana phiri la Kanjala mpaka dzuwa kupendeka.

Amake Dalitso, a nyumba yoyandikana nayo, ndi amene anawaseka. Iwo amagulitsa vitumbuwa ndipo alibe wotchi.

"Nanga inu mumadziwa bwanji nthawi?" anafunsa Amayi Banda.

"Ine, aMadamu? Ndikathira mafuta pamoto ndiye kuti Dalitso adzuke. Vikatha vitumbuwa ndiye kuti ndikagule ndiwo. Chimodzi chimaitana chinzake."

Usiku umenewo anatenga tsamba lina la kalendala. Sanagwiritse rula. Analemba mizere isanu yokha, ndipo nthawi anaiika pa mzere woyamba ndi wotsiriza basi.

Mzere woyamba: 05:30, kudzuka, kuyala bedi. Kuyala kunali kofunika, chifukwa anali ataona kuti bedi losayala ndilo linkawabwezera kutulo. Akatero amatsegula mpopi n'kuika paipi m'dramu la malita 210, pakuti kudera kwawo madzi amakhala ndi mphamvu mbandakucha, masana n'kumangodontha. Dramu likamadzaza, ketulo ili pamoto. Botolo la mapiritsi analichotsa m'chikwama n'kuliika m'chitini cha masamba a tiyi, pamwamba penipeni, kuti dzanja lisafike pa masamba lisanakhudze botolo. Akamwa piritsi amachonga tsikulo pakalendala, nthawi yomweyo, osati pambuyo pake. Tsiku lina anachonga asanamwe, akuti amwa akasamba, ndipo madzulo sanadziwe ngati anamwa kapena ayi. Namwino anali atawachenjeza kuti zikatero asamwe awiri pofuna kubwezera. Kuchokera pamenepo pensulo anaimangirira ndi ulusi pamsomali wa kalendala, ndipo lamulo linali lakuti madzi apite kukhosi kaye.

Mzere wachiwiri: dimba, dzuwa lisanakwere. Kuseri kwa nyumba anakonza mabedi anayi, lililonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita atatu m'litali: awiri a repu, limodzi la tomato, limodzi la anyezi. Mita imodzi anaisankha dala, kuti dzanja lifike pakati popanda kuponda dothi. Bedi lililonse limamwa makeni awiri a malita 10, ndiye maulendo asanu ndi atatu kuchoka padramu, ndipo msana wa zaka 60 umavomera zimenezo koma osapitirira. Mbande za repu anaziwokera zitakwana milungu inayi, motalikirana masentimita 30, madzulo kuti zisafote. Bedi loyamba linapsa lonse. Anathira zitosi za nkhuku zaziwisi, zongotola kumene m'khola la amake Dalitso, ndipo masamba anachita chikasu n'kuuma m'mphepete. Zitosi zimafuna kuunjikidwa ndi udzu, kuthiridwa madzi ndi kutembenuzidwa, miyezi iwiri kapena itatu, mpaka zitasiya kutentha ndi kununkha. Anawokeranso. Anayala udzu wouma pamwamba pa dothi kuti chinyezi chisathawe, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu amatembenuza masamba kuyang'ana nsabwe, chifukwa zimabisala kunsi. Akazipeza zikali zochepa amaziphwanya ndi chala kapena kuwaza madzi a sopo pang'ono. Pothyola amayamba masamba am'munsi, awiri kapena atatu pa mtengo, osakhudza mtima.

Mzere wachitatu unali mawu amodzi: kutuluka. Akasamba, amavala nsapato zotseka n'kupita ku msika wa Kapata wapansi, ngakhale anyamata a njinga aziwaitana kuti "Tiyeni mami, tikufikitseni." Apa panali kanzeru kena. Kale ankagula za mwezi wonse penshoni ikangolowa, ndipo pakati pa mwezi analibe ndalama, analibenso chifukwa chotulukira. Tsopano ufa, mafuta, sopo ndi thumba la malasha amagula kamodzi, yuniti za malaiti n'kulipiriratu, zotsala n'kuzigawa m'maenvulopu anayi, imodzi pa sabata. Ndiwo amagula za tsiku lomwelo: kapenta pang'ono lero, mawa chiwawa ndi nsinjiro. Kugula pang'onopang'ono kumadulirako, iwo ankadziwa, koma kunkawayendetsa mphindi 20 kupita, 20 kubwera, ndipo kumsika munthu amamva amene wadwala, amene wabereka, ndi kuti lero ndi Lachingati.

Nsima ipse dzuwa lili paliwombo, malaiti alipo kapena palibe. Nyemba amaziviika usiku, madzi opitirira nyembazo ndi zala zitatu, ndipo mmawa zimapsa pafupifupi theka la nthawi yake, malasha osatha. Mchere anasiya kuthira ndi dzanja. Amayeza ndi kasupuni, ndipo patebulo saikaponso. Akadya amagona, koma pampando, osati pabedi. Pabedi ankadzuka kukuda, usiku n'kusowa tulo, mmawa n'kulephera 05:30.

Mzere wachinayi unakhala wopanda kanthu milungu iwiri. Anayesa kusoka, maso anakana. Anayesa wailesi, Redio Maria kapena Breeze, koma kumvetsera si ntchito yoti munthu anganene kuti waimaliza. Madzulo ena Dalitso anabwera kudzabwereka machesi atanyamula buku lake la Chinyanja la Giredi 3.

"Tawerenga apa."

Mwanayo anayang'ana chithunzi n'kunena bwinobwino chiganizo chonse. Amayi Banda anaphimba chithunzicho ndi chikhatho, naloza liwu limodzi pakati. Zii.

"Waloweza, suwerenga. Mawa ukaweruka, ukadya, ubwere. Uuze amako."

Anatola zitsekerero za mabotolo 30, nalemba chilembo chimodzi m'kati mwa chilichonse, mavawelo ofiira, zina zakuda. Phunziro linali la mphindi 30, osapitirira, chifukwa mwana wochokera kusukulu mutu wake watopa kale. Mphindi zisanu kubwereza za dzulo. Khumi chilembo chatsopano chimodzi ndi mavawelo ake: ma, me, mi, mo, mu. Khumi kumanga mawu ndi zitsekerero, amama, mutu, ndipo zisanu zotsiriza kulemba mawu atatu pasileti osaonera. Sankamulola kutchula dzina la chilembo, koma liwu lake, poti mwana amene wazolowera kunena "emu" ndi "ei" sangazilumikize kuti zipange "ma". Dalitso anathamanga bwino mpaka anafika pa b ndi d. Pamenepo anakhalapo sabata yathunthu. Anamulembetsa pamchenga ndi chala: b, ndodo kaye, mimba kutsogolo; d, mimba kaye, ndodo pambuyo. Atadutsa apo anakumana ndi mb, nd ndi nkh, pomwe ana ambiri amameza chilembo choyamba n'kulemba "buzi" m'malo mwa "mbuzi".

Mzere wachisanu: kuviika nyemba, kutchera ketulo, kuimbira mwana mmodzi foni, pemphero, 21:00 kuzimitsa nyale.

Mlendo akabwera tsopano sankasokoneza kanthu. ANaphiri ankakhala maola awo awiri, akachoka Amayi Banda n'kupitiriza pamzere womwe anasiyira. Mu Julayi namwino anapendeketsa botolo, osagwa kanthu, makina n'kuonetsa 138 pa 86.

"Koma aMadamu! Ndikupatseni nyenyezi?"

"Lemba m'buku, usachedwetse mzere."

Mu Ogasiti, kutatsala pang'ono mwambo wa Kulamba, uthenga unafika usiku kuti alongo awo amwalira kumudzi ku Katete. Ananyamuka m'mamawa. Pamaliro palibe dimba, palibe 21:00. Anthu amagona pamphasa, kuimba mpaka kucha, kudya pamene chakudya chapsa. Chimodzi chokha ndicho anapita nacho: anawerenga mapiritsi asanu, nawakulunga m'kapepala, namanga pamfundo ya chitenje. Tiyi wa mmawa akamazungulira, ankamasula mfundoyo. Kiyi wa geti anasiyira amake Dalitso, ndi mawu akuti makeni awiri pa bedi, mmawa, osati masana.

Anabwerera tsiku lachinayi, cha m'ma 14 awazi, fumbi lili m'maso, mtima ukufuna bedi basi. Atatsegula geti anapeza repu ali chiimire, ngakhale bedi la anyezi linali matope okhaokha. Pakhonde panali Dalitso ndi ana ena awiri osawadziwa, zitsekerero zili mbwee pansi, iye ataimirira ndi kamtengo m'manja.

"Awa ndi a Giredi 2, ambuya. Sadziwa chilichonse. Ndawayambitsa pa ma, me, mi."

"Anyezi wanga unamuthira makeni angati?"

"Asanu. Anaoneka waludzu." Anathamangira m'khonde n'kubwera ndi sileti. "Ndalembanso rejisita. Inu mwalova masiku anayi."

Amayi Banda anaika chikwama pansi, navala magalasi. Pasileti panali maina atatu ochongedwa, ndipo pansi pake: amduya analova.

Anakoka mpando, nakhala, nam'patsa choko.

"Aphunzitsi, tabwerani kuno. Mimba ya b imayang'ana kuti?"