Mawu a nkhoswe kwa akwati, Rosettenville

Zikomo akuluakulu nonse, a kuchimuna ochokera ku Dedza ndi a kuchikazi ochokera ku Ntcheu. Amayi a mkwati, mwapirira masiku awiri m'basi, kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge kuti mudzaone tsikuli, takulandirani ndi manja awiri. Tsitsani kaye nyimbozo, ana awa amve.

A Phiri ndi inu Nambewe, mpaka dzulo tinkakutchulani kuti iwe. Lero tikuti inu, chifukwa mwakula. Kumudzi banja latsopano limazunguliridwa ndi anthu: agogo ali apo, atsibweni ali apo, mawu akangokwera usiku m'mawa wina wafika kale pakhomo. Kuno ku Joni woyandikana naye nyumba sadziwa ngakhale dzina lanu. Mpanda umene kumudzi mukanaupeza womangamanga, kuno muumanga nokha, ndipo mzati wake ndi uwu: nkhani iliyonse iyambe yapsa pakati pa inu awiri isanatuluke pakhomo.

Ndiyambe ndi kudekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. A Phiri, mumadzuka mdima ulipo kukakwera takisi ya ku Randburg, mumabwera dzuwa litalowa. Nambewenso amakhala ataima tsiku lonse m'nyumba ya abwana, kuchapa ndi kusita. Anthu awiri otopa, anjala, akakumana pakhomo, kamawu kakang'ono kamayatsa moto. Choncho nkhani yolemera musaiyambe munthu asanavule nsapato. Asambe, adye, apume, kenako muzikamba. Yakula kwambiri, isungireni Lamulungu masana mutabwera kutchalitchi. Pokamba, kambani mlandu wa lero wokha. Mukayamba kufukula za mwezi wathawu ndi za chaka chatha, wolakwayo amasiya kumva, amayamba kudziteteza. Ndipo pali mawu atatu oletsedwa: kutukwana makolo a mnzako, kunena kuti "ndinakutola," ndi kuopseza kuti "ndikukweza basi ubwerere kwanu." Mawu otere ngakhale mutapepesa, chipsera chake sichichoka.

Mkwiyo ukakwera, mmodzi atuluke akaime panja mphindi khumi, koma anene kuti ndikubwera. Osatuluka usiku kukayendayenda m'misewu ya kuno, mukuidziwa. Nkhani ikakukanikani masiku atatu, imbani kwa ankhoswe, onse awiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Musayambe mwaimbira amayi anu kumudzi. Inu mawa mugwirizana n'kuiwala, koma mayi amene wamva mwana wake akulira pafoni saiwala, adzamuda mkamwini kapena mtengwa zaka khumi. Pa Watsapu ndiye ayi ndithu, mavuto a m'nyumba salembedwa poti aliyense awerenge.

Pano ndinene momveka, chifukwa mawu oti banja ndi kupirira ena amawapotoza. Timapirira umphawi, matenda, ntchito ikatha, mwana akachedwa kubwera, ndiwo zikapserera. Kumenyedwa sitipirira. Dzanja likakwezedwa, tsiku lomwelo ankhoswe adziwe, ndipo moyo ukakhala pangozi nambala ya apolisi kuno ndi 10111. A Phiri mwamva, Nambewe mwamva.

Tsopano ndalama, pamene mabanja ambiri a kuno amagwera. Vuto loyamba si kuchepa kwake, ndi kubisirana. Aliyense adziwe malipiro a mnzake, mpaka ya ganyu wa Loweruka. Tsiku limene malipiro alowa, musanagule ngakhale buledi, khalani pansi ndi kope ndi cholembera. Tiyerekeze kuti zonse pamodzi zakwana R9,500. Lendi ichoke poyamba, R2,800, ndipo risiti kapena uthenga wa kubanki muusunge, eni nyumba ena amaiwala mwadala. Thiransipoti ya anthu awiri mwezi wonse, R1,400, muiike mu envulopu yakeyake, chifukwa mukaidya simufika kuntchito ndipo ntchito ikatha zonse zagwa. Chakudya R2,000: ufa, mpunga, mafuta, shuga, sopo, nyemba ndi nkhuku za m'filiji mugule kamodzi kusitolo yaikulu, mungosiya pang'ono ya tomato ndi masamba. Kugula kasupuni kasupuni pasipaza tsiku ndi tsiku kumatha ndalama mosaoneka. Mayunitsi a magetsi R500, ndipo mudziwe kuti mu Juni ndi Julaye hitala imawameza msanga, onjezerani. Kumudzi R1,000. Bungwe la maliro R300. Yosunga R1,000. Yotsala R500 mugawane pakati, aliyense R250 yam'thumba, imene safunsidwa kuti wagulira chiyani. Kandalama kameneka kamaoneka kachabe, koma kamaletsa munthu wamkulu kupempha ya eyataimu ngati mwana.

Za kumudzizo ndikhalepo pang'ono. Kwathu amaganiza kuti ku Joni ndalama timatola pansi, ndipo foni sizisiya kulira: feteleza, fizi, chimanga chatha, denga likudontha. Zambiri ndi zoona. Koma mukamayankha foni iliyonse ndi Mukuru, mudzabwerera kwanu ndi chikwama cha zovala chokha. Dulani mlingo, ndipo mbali zonse ziwiri zilandire mofanana, R500 ku Dedza, R500 ku Ntcheu, tsiku limodzi. Imene ikupita kwa makolo a mwamuna, aimbe foni ndi mkazi kunena kuti tatumiza. Ya kwa makolo a mkazi, aimbe mwamuna. Mukatero apongozi amadziwa kuti mwana wolowayo si wotsekereza, ndi wopatsa. Sankhani munthu mmodzi wokhulupirika mbali iliyonse woti azilandira, osati lero mlongo, mawa msuweni. Ya feteleza yambani kupatula mu Ogasiti, kuti mvula ikamayamba mu Novembala thumba likhale lili m'nyumba. Wina akapempha zoposa mlingo, yankho ndi limodzi: "Ndamva, tikambirane kaye kuno, ndikuyankhani mawa." Musanene kuti "ine ndimafuna koma akazi anga akukana." Pamenepo mwamugulitsa mnzanu kwa abale anu.

Mukadzayamba kumanga kwathu, musatumize ndalama ya nyumba yonse kamodzi. Tumizani ya maziko, muone zithunzi ndi malisiti, kenako ya njerwa, kenako ya malata. Malo ake akhale odziwika kwa amfumu ndi mbali zonse ziwiri, mapepala atchule nonse awiri.

Bungwe la maliro musaliphonye ngakhale mwezi umodzi. Si kulosera zoipa. Kunyamula thupi kuchoka kuno kufika ku Malawi kumadya ndalama zoposa malipiro anu a miyezi ingapo, ndipo mabungwe ambiri salipira munthu amene ali ndi ngongole ya zopereka. Funsani malamulo ake, mulembetse mayina onse awiri monga alembedwera m'pasipoti. Chipereganyu, chimene kuno amati sitokofela, ndi chabwino ngati anthu ake mukuwadziwa kumene amagona ndipo ndalama imalembedwa m'buku pamaso pa onse. Koma katapila wa mashonisa muthaweni. Mutenga R1,000, pakutha pa mwezi akufuna R1,300 kapena R1,500, mukalephera chiwongoladzanja chimaberekanso, ndipo ena amagwira khadi la kubanki kapena pasipoti. Pasipoti si chikole. Mapepala anu onse muwajambule, muziyang'ana masiku ake asanathe. Zotenga pangongole m'masitolo, sofa ndi wailesi yakanema yaikulu, zidikire. Yambani ndi bedi, mbaula ndi filiji. Bonasi ya Disembala ikabwera, lendi ya Januwale ndi thiransipoti zichoke tsiku lomwelo, chifukwa mabwana ambiri amatseka ndipo maganyu amasowa.

Ndifike pa za m'nyumba mwanu. Muli ndi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya eni ake. Amayi akhala nanu mpaka masiku amene anawadindira pachipata atatsala pang'ono kutha, ndipo mng'ono wa a Phiri akugona pabalaza pamene akufunafuna ntchito. Anthu anayi, bafa limodzi, mbaula imodzi. Zimatheka, koma pakhale dongosolo.

Nambewe, apongozi ndi mayi anu. M'mawa apatseni moni musanagwire foni, madzi osamba afunde, chakudya muwapatse ndi manja awiri, chitenje chikhale m'chiuno pamene ali pafupi. Akakuuzani kuti nsima ya ufa wa kuno siigwira ngati ya mgaiwa, musayankhe ndi nkhope, afunseni kuti akuonetseni mmene amaikondera. Mukachedwa kuntchito, imbani. Ndipo inu amayi, ndikupempheni mwaulemu pamaso pa anthu: khitchini ili ndi mwini wake tsopano. Mukaona cholakwika, muitaneni mtengwa wanu pambali ngati mwana wanu, musadikire mwana wanu wamwamuna abwere kuntchito kuti mumutulire. Kuchipinda kwawo simulowa, ndipo za mimba musawawerengere miyezi.

A Phiri, apa udindo waukulu ndi wanu. Lamulo lake ndi lakuti aliyense amadzudzula abale ake. Mng'ono wanu akasiya mbale zakuda, akatha mayunitsi ndi hitala usana wonse, akabweretsa anzake mochedwa, wonena ndinu, osati mlamu wake. Akanena mkazi, zimamveka ngati akuthamangitsa m'bale. Mukanena inu, ndi mkulu akulangiza mng'ono. Chimodzimodzi akadzabwera a ku Ntcheu, wolankhula ndi Nambewe. Ndipo mkazi wanu musamudzudzule pamaso pa amayi kapena mng'ono wanu ngakhale walakwa poyera. Dikirani chitseko chitsekedwe.

Iwe mnyamata, ndikukuona kumbuyoko. Chibale ndi fupa sichiola, koma alamu ako si wantchito wako. Zovala uzichapa wekha, zofunda upinde dzuwa lisanatuluke, pabalaza pakhale poti mlendo n'kukhala. Tagwirizana ndi akulu ako kuti ukhala miyezi itatu. Ukapeza ganyu, uziikapo kenakake pa ufa ndi magetsi, ndipo ukalandira malipiro achiwiri uyambe kufunsa chipinda chako. Tanena lero pagulu kuti tsikulo likadzafika pasadzakhale wonena kuti wapirikitsidwa.

Ena adzaimba ali kale pa Park Station, chikwama m'manja, osachenjeza. Usiku umodzi kapena uwiri munthu wakwanu sagona panja. Koma kukhala kwa nthawi kumafuna kuti nonse awiri muvomere, tsiku lochoka linenedwe pofika pomwe, ndiponso eni nyumba adziwe, chifukwa ambiri amawerenga mitu ndipo akhoza kukweza lendi kapena kukutulutsani nonse.

Kope ili ndi cholembera tikukupatsani ife ankhoswe. Patsamba loyamba talembapo manambala athu awiri. Malipiro a mwezi uno akalowa mulembemo, ndipo Lamulungu loyamba la mwezi wamawa tibwera kudzamwa tiyi, tidzalione. Imirirani tsopano, mupite mukagwade kwa amayi akudalitseni, kenako azakhali a mkwatibwi atitsogolere m'pemphero chakudya chisanazizire.